Tsitsi la amai a mkwatibwi

Anafika Lachisanu m'mawa, ine ndikusesa pakhomo pa saluni. Sanapereke moni. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa kapepala ka pulasitiki, nakaponya pa mpando umene anakhalapo masiku awiri apitawo. M'kapepalamo munali tsitsi lodzaza dzanja.

"Iwe mwana, ndinakulakwira chiyani?"

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, muyenera kudziwa kumene inachitikira. Inu a ku Lusaka, saluni ina ikakuonongani mumangowoloka msewu n'kulowa ina. Ku Chifunda, m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama, zotero kulibe. Mankhwala a tsitsi timatuma munthu wopita ku Lundazi kapena ku boma ku Chama, ndipo mvula ikayamba misewu ya kuchigwa imavuta kwa miyezi. Saluni yanga inali kachipinda kamodzi ka malata, mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, mabeseni awiri ndi mbaula yofunditsira madzi. Ntchito ndinaiphunzira ku Mtendere, pa saluni ya mayi wina amene ndinamusesera ndi kumutsukira matawulo zaka ziwiri asanandilole kugwira mutu wa munthu. Ndinabwerera kwathu ndikudzimva kuti ndine katswiri wa m'tauni. Makasitomala anga onse anali ochepa: aphunzitsi, akazi a aphunzitsi, a ku chipatala, ndi azimayi amene agulitsa mpunga wawo ndipo akufuna kuoneka bwino pa tchalitchi. Onse amadziwana, ndipo onse amatunga pa mjigo umodzi.

Amai amenewa anali munthu wamkulu, wa msinkhu wa amai anga, wolemekezeka mu mpingo. Mwana wawo wamkazi anali kukwatiwa ku Lundazi Loweruka la sabata yotsatira. Ndiye kuti tsiku limene anaponya kapepalako, kunali kutatsala masiku 8 kuti akakhale kutsogolo, pamaso pa apongozi awo, ndi pa zithunzi zimene zidzapachikidwa m'nyumba zaka makumi.

Mawu anga oyamba ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Amai, paja munali mutangomasula kumene zoluka. Tsitsi limathothoka ndithu munthu akamasula." Chimenecho si bodza. Munthu aliyense amataya tsitsi pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo ukaluka, lothothokalo limatsekeredwa m'kati, n'kudzatuluka lonse pamodzi tsiku lomasula. Koma ndinakamba zoona zimenezo pofuna kubisalamo, ndipo iwo anaona. Anavula chitambala pomwepo, pakhomo, anthu opita ku mjigo akuona. Pa liwombo, pamene panali tsitsi lofika m'khosi, panatsala tizitsa tatifupi ngati munda wa mpunga atakolola. Kunkhongo kunali chilonda chachikulu ngati ndalama yachitsulo, nkhanambo yake yomata tsitsi.

Anakweza mawu, ndipo Chinyanja anachisiya, anayamba kukamba m'Chisenga chenicheni cha kwathu, chimene munthu amakamba mtima ukatentha. Anati ndawachita dala. Anati pali amene wandituma, chifukwa si onse amene akondwera kuti mwana wawo wapeza banja. Anati amuna awo apita nayo nkhaniyi kwa amfumu. Ine ndinangoimirira ndi tsache m'manja, ndikukonza m'mutu yankho lina lodziteteza.

Amene anandipulumutsa ndi azakhali anga, amene amagulitsa zitumbuwa pafupi. Anabwera osathamanga, nawagwira dzanja amaiwo, nati, "Tiyeni m'kati, mutu wa munthu wamkulu sauonera panjira." Kenaka ananditembenukira. "Iwe, tseka chitseko, uwapatse mpando ndi madzi akumwa. Pakamwa pakopo utsekenso."

Ndinakhala pansi pa mphasa, iwo pa mpando. Anakamba nthawi yaitali, mwina theka la ola. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu wokwiya amabwereza nkhani imodzi katatu, ndipo ukamudula pakati amayambiranso poyamba ndi ukali woposa. Ulendo wachitatu mawu anatsika, ndipo m'pamene ndinamva chimene chinali kuwapweteka kwenikweni. Sichinali chilonda, ndipo sizinali ndalama. Anali atasunga tsitsi limenelo zaka zambiri, ndipo mwana wawo anali atawapempha kuti pa ukwati asavale chitambala, alionetse.

Atatha ndinapempha kuti ndione mutu wawo. Anavomera monyinyirika. Ndinasamba m'manja, n'kutsanulira tsitsi la m'kapepala pa tawulo loyera. Apa pali chinthu chimene aliyense wogwira mitu ya anthu ayenera kuchidziwa, chifukwa chimathetsa mkangano popanda kukangana. Tsitsi lothothoka lokha limatuluka lathunthu, lalitali, ndipo kumapeto kwake kumakhala kamutu koyera, ka muzu. Tsitsi loduka ndi mankhwala lilibe kamutu kameneko, limakhala zidutswa, ndipo pamutu pamatsala tizitsa. Pa tawulo panga lokhala ndi kamutu koyera linali lowerengeka. Lina lonse linali loduka. Ndinatenga tsitsi limodzi la pambali pa liwombo, ndinalinyowetsa, n'kulikoka pang'ono. Tsitsi labwino likanyowa limatamuka pang'ono n'kubwerera. Ili linatamuka ngati chingamu chotafunidwa, silinabwerere, kenaka linaduka popanda ngakhale kaphokoso. Sipanafunikenso umboni wina.

"Amai," ndinatero, "tsitsi ili ndaliononga ndine. Si zoluka ayi. Ndi mankhwala amene ndinakupakani, ndi mmene ndinawapakira. Ndalakwa, mundikhululukire."

Ndifotokoze zimene zinachitika Lachitatu lija, chifukwa usiku wonse wa Lachisanu ndinali kuzibwereza m'mutu, ndipo ndinapeza kuti sindinalakwe kamodzi.

Rilakisa amene ndinagwiritsa ntchito ndi wa m'kachidebe, wopaka osasakaniza. Mphamvu yake ndi soda yemwe uja wopangira sopo, amene amatentha khungu ukamugwira. Tsitsi lathu limapotana chifukwa m'kati mwake muli timfundo tolimba togwirizanitsa ulusi wake. Rilakisa amadula timfundo timeneti kuti tsitsi ligone, ndipo timene tadulidwa sitibwereranso monga kale. N'chifukwa chake tsitsi lowongoledwa limakhala lowongoka mpaka ulidule, ndipo n'chifukwa chakenso limakhala lofooka kuposa lachibadwa. Ukapakanso mankhwala pa tsitsi limene linawongoledwa kale, ukudula timfundo totsala timene tinali kuligwira. Ndiye pochita ritachi umapaka pa lomera kumene chabe, la kumizu, ndipo umadikira masabata 8 kapena kupitirira kuti lomeralo litalike mokwanira kuliona malire ake. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Ngati papita mwezi umodzi chabe, palibe dzanja limene lingapake pa sentimita imodzi osakhudza la kutsogolo.

Ine ndinafunsa funso limodzi: "Munapaka liti komaliza?" Anati, "Aa, kale." Ndinalandira yankho limenelo chifukwa ndinali kufuna ntchitoyo. Pambuyo pake ndinamva kuti "kale" ameneyo anali masabata 5, mdzukulu wawo atawapaka kunyumba, ndipo pamwamba pake anathirapo dai wakuda wa paketi kubisa imvi, kenaka analuka. Zolukazo anamasula m'mawa wa tsiku lomwelo, nakanda mutu ndi chipeso kuchotsa litsiro. Khungu lokandidwa lili ndi timabala tosaoneka, ndipo soda akafika pamenepo amalowa. Ku Mtendere ndinaphunzitsidwa kuti munthu womasula zoluka umamubweza, adikire sabata. Ndinaphunzitsidwanso kuyesa kaye pa katsitsi kochepa kunkhongo, kudikira mphindi zingapo, kupukuta, n'kukoka kuti uone ngati lipirira. Kuyesa kumeneko sikutenga ngakhale kota ya ola. Sindinayese. Tsitsi lawo linaoneka lokhuthala, ndiye ndinatenga wa supa, poti wa regula anali atatha ndipo wotumidwa ku Lundazi anali asanabwere.

Koma chimene chinamaliza zonse ndi madzi. Unali mwezi wa Okutobala. Amene simunafikeko kuchigwa nthawi imeneyo, dziwani kuti masana m'nyumba ya malata umatuluka thukuta ngakhale utangokhala. Kutentha kumafulumizitsa mankhwalawa, ndiye mphindi zolembedwa pa kachidebe zimakhala zambiri kale kwa ife. Ndinayamba kupaka pa liwombo, pamenenso mutu umatentha kwambiri, ndili ndi chigubu chimodzi cha malita 20, ndipo sichinali chodzaza. China ndinatuma nacho kamtsikana ku mjigo, ndikuganiza kuti kafika ndisanamalize. Ku mjigo kunali mzere. Amaiwo atanena kuti kunkhongo kukuwawa, ndinawauza mawu amene timauzana tonse m'masaluni, oti pirirani pang'ono agwire bwino. Pamene ndinayamba kutsuka, mankhwala anali atakhala pa liwombo pafupifupi mphindi 25, ndipo madzi anandithera mutu usanayere. Tinadikiranso chigubu chija, soda wotsalira akupitiriza ntchito yake pansi pa tawulo.

Ndiye panali shampu. Rilakisa akatsukidwa ndi madzi, pamafunika shampu wozimitsa mphamvu yake, uja amene thovu lake limasanduka la pinki ngati mankhwala akadalimo. Umatsuka mobwereza mpaka thovu lituluke loyera. Wanga anali kumapeto kwa botolo ndipo ndinali nditathiramo madzi kuti andifikitse kumapeto kwa mwezi. Ndinatsuka kawiri, thovu linali ndi kapinki pang'ono, ndinadziuza kuti kwatha. Ndinawaumitsa, ndinawapaka mafuta, tsitsi linagona ndi kuwala. Anadziona pagalasi namwetulira, nandipatsa K120. Ndi mmene ntchitoyi imanyengera: tsitsi loonongeka limaoneka bwino kwambiri tsiku loyamba, n'kuyamba kugwa pa pilo ndi m'chipeso mawa lake.

Manje tibwerere pa mphasa paja. Nditavomera kulakwa, m'chipinda munakhala zii. Ndikuganiza kuti anabwera atakonzekera nkhondo, ndipo mdani atagona pansi sanadziwe poika mkondo. Kenaka anafunsa funso limene aliyense amafunsa: "Ndiye ulikonza bwanji?"

Apa panali msampha wina. Zinali zosavuta kunena kuti ndili ndi tiritimenti yamphamvu, pofika Loweruka likhala litabwerera. Masaluni ambiri amatero, kuti munthu achoke pakhomo. Koma tsitsi limene lili kunja kwa khungu ndi lakufa, silipola ngati bala. Tiritimenti imalikuta ndi kulifewetsa kuti lisaduke msanga, basi. Ndinawauza mosabisa kuti loduka lapita, kuti lotsala m'mbali nalonso lafooka ndipo lina ligwabe, ndipo kuti kufika pamene linali padzatenga chaka ndi theka kapena kuposa. Analira. Ndinalakalaka nditanama.

Chinthu choyamba sichinali tsitsi, chinali chilonda. Anali atapakapo mafuta a tsitsi onunkhira aja, poganiza kuti afewetsa nkhanambo. Ndinawapempha kuti asapakeponso kanthu, asamatule nkhanambo ngakhale yamata tsitsi, ndipo tipite ku chipatala tsiku lomwelo. Ine ndine wa tsitsi, bala la kupsa si langa. Chimene ndimadziwa n'chakuti chilonda chotere chikayamba mafinya, kutupa, kununkha, kapena munthu akayamba kutentha thupi, ndiye kuti chalowa matenda, ndipo chikazama chimapha mizu. Pamene mizu yafa pamapola posalala, pong'anima, ndipo sipameranso tsitsi moyo wonse. Ndinaitana wa njinga yamoto, ndinalipira ine, ndipo ndinapita nawo. Kukwera njinga imodzi ndi munthu amene sakukulankhula, utamugwira m'chiuno, ndi ulendo wautali ngakhale pafupi. Anawatsuka, nawapatsa mankhwala opaka, nanena kuti sichinazame kwambiri.

Madzulo anabwera amuna awo. Tinakhala paphata pa mtengo kwa azakhali, ndipo iwo anatchula K3,000. Anati ndi za manyazi, za ululu, ndi za wigi ya tsitsi la munthu imene mwana wawo anaiona pa foni. Saluni yanga mwezi wabwino inkalowetsa ndalama zosafika theka la zimenezo, zina mwa izo zikubwera ngati mameda a mpunga.

Ndinali nditaganizira kale zoti chilungamo n'chiyani pamenepa, ndipo ndinaona kuti pali njira ziwiri zolakwika. Yoyamba ndi kubweza K120 n'kunena kuti tathana. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, la 2010, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limanena kuti wogwira ntchito kwa kasitomala aigwire mosamala ndi mwaluso, ndipo akalephera abweze ndalama kapena aigwirenso bwino. Koma ntchito ya rilakisa siigwiridwanso kachiwiri, kubwereza ndiko kumaliza mutu. Ndipo K120 ndi mtengo wa ntchito yanga, si mtengo wa chimene iwo anataya. Njira yachiwiri yolakwika ndi kuvomera chilichonse chifukwa cha mantha, n'kulonjeza K3,000 imene ndilibe. Ndikanalephera kulipira, ndipo pa mlandu wa tsitsi pakanaonjezeka mlandu wa bodza.

Ndiye ndinayamba ndi funso lakuti kulakwa kwangaku kwawabweretsera zotani zimene ndalama ndi manja anga zingathe kunyamula. Ndinazitchula chimodzichimodzi pamaso pa azakhali. K120 yawo ndinaibweza pomwepo, m'manja, tisanakambe zina, kuti isaoneke ngati mbali ya malonda. Ulendo wa ku chipatala, wa tsikulo ndi wina uliwonse wokhudza chilondacho, ndi wanga. Ukwati uli pafupi, ndiye ndiwagulira wigi ku Lundazi, osati ya tsitsi la munthu chifukwa sindingakwanitse, koma yabwino, yofika K450, imene asankhe okha pa zithunzi zimene mnzanga wa kumeneko atumize pa foni. Ndipo kwa miyezi itatu ndidzasamalira mutu wawo masabata awiri alionse, kasanu ndi kamodzi, osalipira. Ndinaonjezapo chinthu chimodzi chimene ndinachiganizira panjira yochokera ku chipatala. Ndinati, ngati safunanso kuti manja anga awakhudze, zimene ndingamvetse, ndigula mankhwala osamalirawo n'kuphunzitsa mdzukulu wawo kuti azichitira kunyumba. Sibwino kulipira munthu ndi chinthu chimene chikumukakamiza kubwerera pa mpando umene anapsera.

Amuna awo anakana poyamba. Apa azakhali anafunsa modekha za dai uja, ndi za "kale" wa masabata 5. Ine sindinafune kuti nkhaniyo ituluke m'kamwa mwanga, ndipo mpaka pano ndimaona kuti ndinachita bwino kusaitchula. N'zoona kuti amaiwo sanandiuze zonse. Koma iwo sadziwa kuti dai ndi rilakisa wa posachedwa zimafooketsa tsitsi, wodziwa ndine. Anabisa za imvi monga mmene mkazi aliyense angabisire kwa mwana wa msinkhu wa mwana wake. Funso labwino likanatulutsa zonse, ndipo ngakhale akanabisabe, katsitsi koyesera kunkhongo kakanandiuza. Komabe zitatuluka m'kamwa mwa munthu wamkulu mnzawo, zinathandiza kuti nkhani ya kutumidwa ija ife. Anaona kuti pali zifukwa zooneka, zosafuna mfiti. Amaiwo ndi amene anadula nkhani. Anati, "Ndalama zambirizo zisiyeni. Koma wigiyo ifike Lachitatu lisanadutse." Tinalemba zonse m'kope langa la ngongole, ine ndi amuna awo tinasaina, azakhali anaikapo chala. Zonse pamodzi zinandidyera pafupifupi K900, ndipo ndinagulitsa mameda onse a mpunga amene ndinali kusunga.

Lolemba anabwera kuti ndiwadule. Ili linali gawo lovuta kuposa ndalama. Iwo ankafuna kusunga lalitali la m'mbali, aziliphimbira pa liwombo. Ndinawaonetsa pagalasi mmene linali kutamukira likanyowa, ndipo ndinawauza kuti likasiyidwa lizikolana ndi kukoka labwino la kumizu, n'kumaduka pamalire pamene lolimba likumana ndi lofooka. Tinagwirizana kudula m'magawo awiri, theka tsikulo, lotsala ukwati ukatha. Ndinayala chitenje pansi ndisanayambe. Nditamaliza ndinasonkhanitsa tsitsi lonse, ndi la m'chipeso lomwe, ndi lija la m'kapepala, ndinalikulunga n'kuwapatsa m'manja. Kwathu tsitsi la munthu silisiyidwa kwa munthu amene mwakangana naye. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kapena ayi, iwo akanagona tulo tochepa likanatsala kwa ine. Analandira osanena kanthu, koma ndinaona mapewa awo akutsika.

Wigi inafika Lachiwiri usiku. Sindinagwiritse ntchito guluu, ndipo ndinachotsa tizipeso ta m'kati timene tikanakanda pachilonda, n'kusokerera lamba wofewa. Pansi pake sindinawaluke, chifukwa kuluka kumakoka, ndipo tsitsi lofooka likakokedwa limaduka. Anavala kachipewa kopyapyala chabe, ndipo ndinawapempha kuti akangofika kunyumba azivula kuti pachilonda papite mphepo. Anapita ku Lundazi Lachinayi. Zithunzi ndinaziona pambuyo pake pa foni ya munthu wina. Anaoneka bwino. Koma mwana wawo anapempha tsitsi la amai ake, osati wigi, ndipo chimenecho palibe chimene ndikanachita.

Kusamalira kwa miyezi itatu kunali kosavuta kufotokoza koma kofuna kudekha. Chilonda chisanapole sindinapake kanthu pafupi nacho. Chitapola, ulendo uliwonse ndinkatsuka ndi shampu wofatsa ndi madzi ofunda, n'kupaka kondishona yofewetsa, kuphimba ndi pulasitiki mphindi 20, kutsuka, n'kupesa ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga. Tiritimenti ya pulotini, imene anthu amaithamangira tsitsi likaduka, ndinaipaka kawiri kokha pa miyezi yonseyo, motalikirana, chifukwa ikachuluka tsitsi limauma gwa n'kumathyoka ngati udzu wa m'chilimwe. Chowotchera ayi, dai ayi, rilakisa ayi. Za dai tinakangana pang'ono, chifukwa imvi zinayamba kuonekera poyera. Ndinakana, ndipo ulendo uno sindinagonje.

Anthu anakamba, monga mungayembekezere. Mwezi wa Novembala aphunzitsi awiri amene ankabwera nthawi zonse anasiya, mmodzi anayamba kudikira mpaka atapita ku boma. Kunali masiku amene ndinkatsegula, kusesa, n'kutseka osagwira mutu uliwonse. Pa mjigo nkhani inakula mpaka ena ankati amaiwo anatsala ndi dazi mutu wonse. Chimene chinaichepetsa si mawu anga. Ndi iwo eni, amene masabata awiri alionse ankadutsa pakati pa mudzi masana, kulowa m'saluni yanga anthu akuona. Sanasankhe zoti mdzukulu aziwachitira kunyumba. Sindinawafunse chifukwa chake.

Pa maulendo 6 aja anabwera 5. Womaliza unagwera m'Januwale, mvula itadzaza timitsinje, ndipo sanabwere. Ndinawaona pa tchalitchi mwezi wotsatira, chitambala chili m'manja chifukwa cha kutentha. Tsitsi linali lalifupi, lachibadwa, lopotana, imvi zili mbee kutsogolo, ndipo kunkhongo pachilonda paja panali patamera, ngakhale mopyapyala kuposa pena. Tinapatsana moni wa ulemu. Sanabwerenso ku saluni kuchokera pamenepo, ndipo sindikuganiza kuti tinakhala mabwenzi.

Masiku ano pakhomo la saluni pamakhala zigubu zitatu, ndipo sinditsegula kachidebe ka rilakisa zonse zisanadzaze. Ndimatchera alamu pa foni ndisanapake koyamba, osati ndikamaliza kupaka, ndipo m'miyezi yotentha ntchito imeneyi ndimaigwira m'mawa chabe. Funso lija ndinalisintha. Sindifunsanso kuti munapaka liti, ndimafunsa kuti unali mwezi uti, anakupakani ndani, ndipo mwathirapo chiyani china kuchokera pamenepo, kwinaku ndikutsegula tsitsi ndi zala kuona ndekha kutalika kwa lomera. Sabata yatha kunabwera mtsikana wina wochokera ku Chipata, wobwera kudzaona abale, atamasula zoluka m'mawa womwewo, ndalama zili m'manja. Ndinamuuza kuti abwere Lachitatu linalo. Anakwiya, anati saluni za kumudzi n'zovuta, natuluka. Lachitatu sanabwere, ndamva kuti anagula bokosi pa kantemba n'kupakitsa kwa msuweni wake.